Chipinda chimodzi, malita angati a penti?

Mlamu wanga anafuna kukongoletsa chipinda cha alendo Khirisimasi isanafike, chifukwa apongozi ake anali kubwera kuchokera kumudzi. Sanapite ku hadiweya chimanjamanja. Anayeza chipindacho, napeza kuti n'cha mamita 4 mulitali ndi mamita 3.5 mulifupi. Atafika m'sitolo anatembenuza chitini cha penti, nawerenga kumbuyo kwake pomwe panalembedwa kuti 8–10 m²/L. Anatulutsa foni, nachulukitsa 4 ndi 3.5, kupeza 14. Anagawa 14 ndi 10, kupeza lita imodzi ndi kachidutswa. Ngakhale kupaka kawiri, malita atatu sakanakwana n'komwe. Anagula chitini cha malita 5 ali wokondwa, akuganiza kuti wotsalayo apakira kubafa.

Tsiku la ntchito, dzuwa litapendeka, foni inalira. Anali mmisiri wopenta.

"Bwana, penti watha. Koti yoyamba ndamaliza, koma yachiwiri ndangoyamba pakona pokha."

"Watha bwanji, achimwene? Si malita 5 amene aja?"

Mlamu wangayo anabwera kwathu madzulo atakwiya, akunena motsimikiza kuti mmisiriyo wapungulira penti m'chigubu chake. Tinakhala pakhonde n'kuwerengeranso limodzi papepala. Mmisiri uja sanabe ngakhale dontho. Masamu a mlamu wanga anali olondola ndithu, kungoti anawerengera simenti ya pansi, pomwe munthu amaponda, chikhalirecho penti amapakidwa kukhoma.

Tiyambe ndi nambala ya pachitini ija. Chilembo cha m² chikuimira sikweya mita, kutanthauza malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, ofanana ndi kabokosi komwe mungajambule pakhoma ndi khala. L ndi lita. Choncho chitini chikamati 10 m²/L, chikunena kuti lita imodzi ya pentiyo ikhoza kuphimba timabokosi totere 10, mutapaka kamodzi. Mawu akuti kamodziwo muwagwiritsitse, chifukwa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Pa zitini zambiri nambalayi ndi ya koti imodzi, ndipo pafupi pomwepo amalemba kuti pakani makoti awiri kapena atatu. Zitini zina sizitchula za lita imodzi, zimangoti chitini chonse cha malita 5 chikwanira masikweya mita 40. Pamenepo mumagawa 40 ndi 5, n'kupeza 8, ndiye kuti mwabwerera pa nambala yomwe ija.

Tsono ntchito yeniyeni ndi kudziwa kuti makoma a chipinda chanu ali ndi timabokosi tingati. Njira yachidule ndi kuganiza kuti mwatambasula makoma anayiwo ngati mphasa, n'kukhala khoma limodzi lalitali. Kutalika kwake ndi mtunda wozungulira chipinda chonse. M'chipinda cha mlamu wanga, makoma awiri ndi a mamita 4, ena awiri ndi a mamita 3.5. Kuphatikiza zonse ndi mamita 15. Kuchokera pansi kufika ku siling'i tinapeza mamita 2.7. Tikachulukitsa 15 ndi 2.7 tikupeza masikweya mita 40.5. Yerekezani ndi 14 uja. Makoma a chipinda chaching'ono amaposa pansi pake pafupifupi katatu, ndipo maso sakhulupirira zimenezi mpaka tepi itanena.

Chitseko ndi zenera sizipakidwa penti wa khoma, ndiye timazichotsa. Khomo la chipindacho, pamodzi ndi felemu lake, linali la mamita 0.9 mulifupi ndi 2.1 kupita m'mwamba, omwe ndi masikweya mita 1.89. Zenera linali la 1.5 ndi 1.2, omwe ndi 1.8. Zonse ziwiri ndi 3.69. Tikachotsa pa 40.5 kutsala 36.81, tingoti 37. Amisiri ena sachotsa n'komwe chitseko chimodzi ndi zenera limodzi, amati zimenezo zilipirire penti wotayika. Pa chipinda chonga ichi sindiwatsutsa, chifukwa kusiyana kwake sikufika theka la lita pa koti imodzi. Koma pabalaza la mazenera akuluakulu ndi makomo atatu, kusachotsa ndi kutaya ndalama.

Tikadziwa kukula kwa makoma, chotsala ndi ichi:

```
malita = m² a makoma × makoti ÷ m²/L
```

Pa chipinda chathu, 37 kuchulukitsa ndi makoti 2 ndi 74. Tikagawa ndi 10 tikupeza malita 7.4. Tikagawa ndi 8 tikupeza malita 9.25. Mulimonsemo, chitini chimodzi cha malita 5 sichikanafika. Koti yoyamba yokha, pa mlingo wa 8, imadya malita 4.6, ndipo kotsalako ndi komwe mmisiri uja anapaka pakona asanaimbe foni.

Kumbukirani kuti apa timagawa, sitichulukitsa. Ndinaonapo munthu atachulukitsa 37 ndi 8 n'kudabwa kuti chipinda chimodzi chingafune bwanji malita pafupifupi 300. Yankho likakupatsani penti wodzaza mgolo, bwererani mukaone pomwe chala chinaterereka.

Funso lomwe limatsala ndi loti, pa 8 ndi 10, tisankhe iti? Kuti tiyankhe bwino, tione kaye chomwe nambalayi ikubisa. Lita imodzi mukaiyala mofanana pa masikweya mita 10, pentiyo amakhala wochindikala gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Kumeneko ndi pafupifupi kuchindikala kwa pepala limodzi la m'kope. Ndipo ameneyo ndi penti akadali wamadzi. Akamauma, gawo lalikulu, kawirikawiri loposa theka, limapita ndi mphepo, n'kutsala kakhungu kopyapyala kuposa pepala. Kakhungu kameneka ndi komwe kamabisa mtundu wakale, ndi komwe mumapukuta ana akalemba pakhoma. Ndiye nambala ya pachitini kwenikweni ikukuuzani kuti pentiyo ayalidwe mopyapyala bwanji kuti agwirebe ntchito yake.

Mukaziona chonchi, zambiri zimamveka zokha. Opanga penti amapeza nambala yawo poganizira khoma losalala, louma, losamwa. Khoma la m'nyumba zathu zambiri silili choncho. Pulasitala wa mchenga wokhakhala, wosalazidwa ndi thabwa lokha, ali ndi timaenje ndi timapiri tosawerengeka. Tepi imadutsa pamwamba pa timapirito n'kunena kuti ndi mita imodzi, koma penti amatsikira m'kaenje kalikonse n'kukwera kaphiri kalikonse. Zili ngati kuyeza munda wa mizere: chingwe chimati mamita 20, koma nyerere yodutsa mizereyo imayenda mtunda woposa pamenepo. Pa khoma la rafukasiti kapena la mabuloko osapaka pulasitala, lita imodzi ikhoza kuphimba theka lokha la zomwe chitini chikulonjeza.

Vuto lachiwiri ndi ludzu la khoma. Pulasitala watsopano amamwa. Mukangopaka, madzi a mu penti amalowa m'khoma msanga, rola imauma musanayende patali, ndipo mumabwerera kundowa pafupipafupi. Khoma lomwe linapakidwapo kale penti wabwino silimwa choncho, chifukwa timabowo take tinatsekeka. Pali njira yosavuta yodziwira: wazani madzi pang'ono pakhomapo ndi dzanja. Akatsetsereka n'kutsika, khomalo ndi lotsekeka. Akazimirira pomwepo n'kusiya banga lakuda, khomalo lili ndi ludzu, ndipo lidzamwanso penti wanu chimodzimodzi.

N'chifukwa chake pa khoma latsopano pamayamba pulaimala, penti wapansi yemwe ntchito yake ndi kutseka timabowo ndi kugwira fumbi la simenti. Iye ali ndi nambala yakeyake pachitini chake, ndipo amawerengeredwa payekha: masikweya mita 37, koti imodzi, kugawa ndi nambala yakeyo. Ngati chitini chake chikuti 8, ndi malita 4.6 enanso. Ambiri amamudumpha pofuna kupulumutsa ndalama, koma khoma silinyengeka. Chomwe likanamwa mu pulaimala limachimwa mu penti wokongola uja, n'kufunanso koti yachitatu. Komanso pulasitala amafuna nthawi kuti aume, pafupifupi milungu inayi, ndipo m'nyengo ya dzinja amachedwerapo. Mukapaka khoma likadali ndi chinyezi, penti amatukusira n'kusupuka, ndipo apo masamu alionse sathandiza.

Choncho ine ndimati: khoma likakhala losalala, lopakidwapo kale, ndipo mtundu watsopano ukufanana ndi wakale, tengani nambala yaikulu kapena yapakati. Likakhala lokhakhala pang'ono, kapena simukulidziwa bwino, tengani yaing'ono. Mtundu nawo uli ndi mawu ake. Kupaka woyera pa khoma lomwe linali lobiriwira kwambiri kapena lofiira sikusintha nambala ya pachitini, koma kumasintha makoti. Awiri aja amasanduka atatu, ndipo 37 kuchulukitsa ndi 3, kugawa ndi 8, ndi malita pafupifupi 14.

Pamwamba pa zonsezi pali penti yemwe safika kukhoma. Wina amatsalira mu ubweya wa rola, wina amaumira m'thileyi, wina amadontha pansi, wina amamatirira m'mbali mwa chitini. Rola yatsopano yokha imamwa kaye isanayambe kupereka. Mwambo wa amisiri ndi kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo khumi. Pa malita 9.25 aja, ndiye kuti tafika pa 10.2.

Apa ndiye pamafunika mutu wa munthu, chifukwa sitolo sigulitsa malita 10.2. Penti wa makoma amapezeka kwambiri m'zitini za lita imodzi ndi za malita 5, ndiponso m'ndowa za malita 20. Zitini ziwiri za malita 5 zikupereka 10, kuperewera kachikho kamodzi pa chiwerengero chathu. Kodi tigule chachitatu? Pa chipinda cha mlamu wanga ndinati ayi. Tinali titatenga kale nambala yaing'ono, n'kuwonjezeranso ya kutayika, ndipo koti yachiwiri imadya pang'ono kuposa yoyamba chifukwa khoma limakhala litakhuta. Anagula chitini chimodzi chowonjezera, ntchito inatha, n'kutsala pang'ono pansi pa chitini. Koma zikanakhala kuti zipinda zoterezi ndi zitatu, 9.25 kuchulukitsa ndi 3 ndi pafupifupi malita 28, ndipo nzeru ikanakhala kugula ndowa imodzi ya 20 ndi zitini ziwiri za 5. Lita ya mu ndowa yaikulu nthawi zambiri imatsika mtengo kuposa ya m'chitini chaching'ono, choncho mukafika pa malita 15 kapena 16, funsani mtengo wa ndowa musanatole zitini.

Pali chinthu china chomwe chinatipweteka pang'ono. Chitini chachiwiri chija chinagulidwa tsiku lina, ndipo ngakhale dzina la mtundu linali lomwelo, pa khoma pankaoneka kusiyana pang'ono dzuwa likalowa pazenera. Zimachitika, makamaka ndi penti wosakanizidwa mtundu m'sitolo momwemo. Mwayi wake koti yachiwiri yonse inachokera m'chitini chatsopanocho, mmisiri atabwerezanso pakona paja. Amene wagula zitini zake zonse nthawi imodzi akhoza kuzikhuthulira m'ndowa imodzi n'kuvundula, mtundu n'kukhala umodzi chipinda chonse. Ichi ndi chifukwa chokwanira chowerengera bwino musanapite ku sitolo.

Tsopano nkhani ya madzi, yomwe imakanganitsa eni nyumba ndi amisiri kuposa ina iliyonse. Penti akayamba kuchepa, chiyeso chimakhala kuthiramo madzi kuti afike. Ndipo amafikadi. Malita 5 mukathiramo madzi malita 5, muli ndi malita 10 m'ndowa, rola ikuyenda mopepuka, khoma lonse lanyowa. Koma kumbukirani kakhungu kaja. Madzi onse mwathirawo adzauma, ndipo chotsala pakhoma ndi cha malita 5 omwe aja, chitayalidwa pa malo owirikiza kawiri. Kakhunguko kapyapyala ndi theka. Mawa lake mudzaona pulasitala akusuzumira pansi pa penti, mizere ya rola ikuoneka, ndipo pakapita miyezi mukatsamira khomalo malaya adzatuwa ngati mwatsamira laimu. Kuti libisike mudzafuna makoti ena, mmisiri alipidwenso masiku ena. Madzi pang'ono amaloledwa pa mitundu ina, makamaka pa koti yoyamba, ndipo chitini chimanena mlingo wake. Opyola pamenepo sachulukitsa penti. Powerengera malita, musawerengere madzi n'komwe.

Zimenezi zimathandizanso posankha pakati pa penti wotchipa ndi wodula. Mtengo wa ndowa pawokha sunena zambiri. Ngati wina akuti 6 m²/L ndipo amafuna makoti atatu, chipinda chathu chidzamudya malita 18.5. Wina woti 10 m²/L wa makoti awiri adzafunika malita 7.4. Woyambayo ayenera kutchipa kuposa theka, n'kupitirirabe pansi, kuti afanane ndi wachiwiriyo. Chulukitsani malitawo ndi mtengo wa lita imodzi, muone nokha yemwe akutchipadi.

Msampha wina uli pa tepi penipeni. Matepi ambiri ali ndi masentimita mbali imodzi, mainchesi ndi mafiti mbali inayo, ndipo amisiri ambiri omanga, makamaka achikulire, amayankhulabe m'mafiti. Mudzamva akuti chipinda ichi ndi 12 kwa 10, khoma ndi 9. Mukachita masamu aja ndi manambala amenewa, kuzungulira ndi 44, kuchulukitsa ndi 9 ndi 396. Amenewo ndi masikweya fiti, osati masikweya mita. Mukawagawa ndi 10 wa pachitini mudzagula malita 40 pa koti imodzi ya chipinda chogona. Ena amadziwa kuti mita imodzi ndi mafiti 3.28, ndiye amagawa 396 ndi 3.28 n'kupeza pafupifupi 121, komwenso ndi kulakwa, chifukwa kabokosi kaja kali ndi mbali ziwiri. Sikweya mita imodzi ili ndi masikweya fiti pafupifupi 10.76, ndipo 396 kugawa ndi 10.76 ndi pafupifupi 37, chitseko ndi zenera zisanachotsedwe. Chosavuta koposa ndi kutembenuza tepi n'kuyezanso m'mamita.

Mawu akuti galoni nawo ndi oterera. Mmisiri akati mugule magaloni awiri, kawirikawiri akunena zitini ziwiri za malita 5. Koma galoni ya ku Britain ndi malita pafupifupi 4.5, ya ku America ndi pafupifupi 3.8, ndipo zitini zina zooneka ngati za 5 zimakhala za malita 4. Werengani nambala yolembedwa pachitinipo, musadalire kukula kwake m'maso.

Nyumba zopanda siling'i zili ndi kawerengedwe kowonjezera. Makoma ena amakwera mpaka kumalata, n'kusongoka pamwamba. Gawo losongokalo limawerengedwa palokha: mulifupi mwake kuchulukitsa ndi msinkhu wake, kugawa pawiri. Ngati khoma la mamita 3.5 lakwera mita imodzi pansonga, ndi masikweya mita 1.75 owonjezera. Nyumba ya siling'i, ngati mukufuna kupakanso siling'iyo, apo ndiye 14 wa mlamu wanga uja akupeza ntchito, chifukwa siling'i imafanana ndi pansi. Ndipo amene amakonda kupaka penti wa oyilo m'munsi mwa khoma, monga timaonera m'masukulu ndi m'zipatala, agawe khomalo pawiri. Mamita 15 kuchulukitsa ndi 1.2 wa m'munsi ndi 18, kuchotsa gawo la chitseko kutsala pafupifupi 17. Ameneyo agawidwe ndi nambala ya chitini cha oyilo, ndipo masikweya mita 20 otsalawo agawidwe ndi nambala ya penti wa madzi. Mitundu iwiriyi siyenda mtunda umodzi pa lita.

Pa ntchito yaikulu, monga nyumba yonse kapena tchalitchi, ine sindikhulupirira chitini chokha. Ndimafunsa khoma lenilenilo. Gulani poyamba chitini chimodzi, sankhani khoma limodzi lopanda zenera, ndipo muzitunga penti ndi jagi ya lita imodzi pothira m'thileyi, mukuwerenga. Tinene kuti khomalo ndi la mamita 4 kwa 2.7, omwe ndi masikweya mita 10.8, ndipo ladya lita imodzi ndi theka. Gawani 10.8 ndi 1.5, mupeza 7.2. Imeneyo ndiyo nambala ya khoma lanu, ndi rola yanu, ndi dzanja la mmisiri wanu. Likauma, pakaninso koti yachiwiri mukuwerenga chimodzimodzi. Mwina ulendo uno lidya malita 1.2, kutanthauza 9. Tsono chipinda cha masikweya mita 37 chidzafuna malita 5.1 pa koti yoyamba ndi 4.1 pa yachiwiri, ndipo manambala awiriwa mukhoza kuwagwiritsa ntchito pa makoma onse a pulasitala yemweyo.

Kuyesa kumeneku kumaululanso zina. Mukapeza 14 pomwe chitini chikuti 8 mpaka 10, musasangalale: mwina penti wathiridwa madzi, kapena mmisiri akukanikiza rola youma kuti afike patali. Mukapeza 4 pa khoma losalala, yang'anani ngati penti sakuyenderera ngati misozi kutsika khoma, chizindikiro choti akupakidwa mochindikala kwambiri, kapena ngati khomalo silikufuna pulaimala. Ndipo ngati nambala ikugwirizana ndi khoma, mwini nyumba alibenso chifukwa chosuzumira m'chikwama cha mmisiri.

Mlamu wanga anakapepesa kwa mmisiri uja, n'kumuwonjezera ya basi. Kuseri kwa chitseko cha chipindacho analemba ndi pensulo, pamwamba pomwe alendo saona: 37 m², malita 10, ndi dzina la mtundu wa penti. Bafa lija likudikirabe.